Chifukwa chake simunatiwombere m'manja Lolemba lija

Anzanga, amene munali pa asembule Lolemba lapitali mukukumbukira zomwe zinachitika. Ife a kwaya tinaimba nyimbo yathu yatsopano yotsanzikana ndi a Fomu 4, tinafika kumapeto, tinatseka pakamwa, kenako kunangoti zii. Palibe anawomba m'manja. A hedi anatiyang'ana, ife tinawayang'ana, a Fomu 1 kutsogolo kuja ali kukamwa yasa kudikira kuti tipitirize. Mnyamata wina kumbuyo atakuwa kuti "yatha kapena?" m'pamene bwalo lonse linaphulika ndi phwete.

Ena mwakhala mukunena kuti tinaiwala vesi. Ayi, sitinaiwale kanthu. Nyimboyo inatheradi pamenepo. Cholakwa chinali noti imodzi yokha, ndipo amene tinaiphonya ndi ife anyamata awiri a besi, ine ndi mnzanga wa Fomu 3B. Tinayenera kuimba do, tinaimba la. Noti imodziyo inauza makutu a sukulu yonse kuti nyimbo ikadalipo, ndipo inu munachita bwino kusawomba m'manja. Makutu anu anamva zoona. Lachitatu a Madamu otiyang'anira kwaya anatikhazika pansi pa mtengo wa mango uja n'kutifotokozera zomwe zinachitika, ndipo ndaona kuti ndizilembe pano poti aliyense wa inu amazidziwa kale ndi khutu, kungoti dzina lake sanalimvepo.

Dzina lake ndi kadensi. Ndi mawu ochokera ku Chilatini, ku mneni wotanthauza kugwa, poti munthu akamamaliza kulankhula mawu ake amatsika. Mu nyimbo, kadensi ndi makhodi awiri omalizira a mzere, pamalo paja oimba amakokera mpweya. (Ndikulemba khodi, osati kodi, kuopa kuti mungamayese ndikukufunsani funso m'chiganizo chilichonse.) Khodi ndi manoti atatu kapena kuposerapo omveka nthawi imodzi, monga zimakhalira sopulano, aluto, tena ndi besi akatsegula pakamwa limodzi koma aliyense pa noti yake.

Kuti timvane, tiyeni tigwiritse ntchito solofa, do re mi fa so la ti do, yemweyu amaphunzitsa m'makwaya a kutchalitchi. Makhodi omwe tikuwafuna ndi anayi okha. Pa do timamangapo do-mi-so, ndipo m'mabuku amailemba I. Pa fa timamangapo fa-la-do, imeneyo ndi IV. Pa so timamangapo so-ti-re, ndiye V. Pa la timamangapo la-do-mi, yomwe amailemba vi, m'zilembo zing'onozing'ono chifukwa ndi khodi ya maina, ija imamveka yozizirira ngati yachisoni. Manambala achiromawa akungowerenga kuti khodiyo yamangidwa pa noti yachingati kuchokera pa do. Amene mumagwira gitala kapena kiyibodi, mukakhala mu kiyi ya C, makhodi amenewa ndi C, F, G ndi Am. Mumawadziwa, ndi omwe aja mumayambira kuphunzira.

Khodi ya do ndiye pakhomo. Nyimbo imachoka pamenepo, kuyendayenda, n'kubwerera. Tonsefe timayenda pansi kuchokera kuno kusukulu, ndipo timadziwa kuti kuima panjira kumasiyana. Pali kuima kopumira pa golosale, pali kufika pakhomo n'kuponya chikwama pansi. Makadensi anayiwa ndi mitundu ya kuima kumeneko.

Pafekiti: chitseko chatsekedwa

Kadensi ya pafekiti ndi kuchoka pa V kupita pa I, kuchoka pa khodi ya so kugwera pa khodi ya do. Iyi ndiye mpumiro wa nyimbo, kadontho kaja timaika chiganizo chikatha. Mukaimva, manja amanyamuka okha.

Musangondikhulupirira. Pezani anzanu atatu pa buleki, mugawane motere, aliyense manoti awiri otalika:

Sopulano: ti, kenako do
Aluto: so, kenako so yemweyo
Tena: re, kenako mi
Besi: so, kenako do wapansi

Imbani khodi yoyamba, muigwire mpaka kuwerenga kanayi, ndiye mugwere pa yachiwiri. Mudzamva ngati mwatula mtolo wa nkhuni.

Nanga mphamvu yakeyi imachokera kuti? A Madamu anatiuza kuti tiyang'ane anthu awiri, wa sopulano ndi wa besi. Wa sopulano ali pa ti. Pakati pa ti ndi do pali kampata kakang'ono kwambiri, theka la sitepe, komwe amati semitoni. Pa kiyibodi mungadzionere nokha: pakati pa B ndi C palibe kabatani kakuda, agundana. Ti ali pafupi ndi do moti khutu sililola kuti akhale pamenepo, limamukankha kuti alowe. Yesani kuimba sikelo yonse kukwera, do re mi fa so la ti, n'kusiyira pomwepo. Ndikukuuzani, wina pafupi nanu amalizitsa yekha, ngakhale amene amati sadziwa kuimba. Ndinayesa zimenezi kunyumba, mayi anga ali kubwaza nsima kukhitchini anaponya do mosadziwa n'komwe.

Wachiwiri ndi wa besi. Iye akudumpha kuchoka pa so kugwera pa do, manoti asanu kutsika. Kudumpha kumeneku kuli ngati phazi lopondetsa pansi. Ndiye pamwamba pali kukoka kwa ti, pansi pali kuponda kwa besi, ziwirizi zikuchitika nthawi imodzi. N'chifukwa chake palibe kadensi ina yotseka molimba kuposa iyi. Ena amawonjezera fa pa khodi ya so, kukhala so-ti-re-fa, yomwe oimba gitala amaidziwa ngati G7. Fa ameneyu nayenso ali theka la sitepe pamwamba pa mi ndipo amafuna kutsikira pomwepo. Zikatero okoka akhala awiri, wina akukwera wina akutsika, ndipo njala yofuna do imakula.

Koma si pafekiti iliyonse imatseka mofanana, ndipo apa m'pamene ndinaphunzirapo kanthu. Ngati sopulano wathera pa do, chitseko chatsekedwa ndi loko. Ngati makhodi ali omwewo koma sopulano wathera pa mi kapena pa so, chitseko changotsekedwa, loko sanakhome. Mumamva kuti mzere watha, koma simudabwa wina ukayamba. Opeka nyimbo amasunga do wa sopulano kuti akamugwiritse ntchito kumapeto kwenikweni.

Hafu: mwendo uli m'mwamba

Tsopano tembenuzani zomwe munaimba zija. Yambani ndi khodi yachiwiri, muthere pa yoyamba. Sopulano achoke pa do atsikire pa ti, aluto akhalebe pa so, tena achoke pa mi apite pa re, besi achoke pa do aime pa so. Mukafika pamenepo khalani chete, muone ngati mungapirire.

Simungathe. Imeneyo ndiye kadensi ya hafu: mzere wothera pa V. Khodi yobwera patsogolo pake ingathe kukhala I, IV kapena ina, zilibe kanthu kwenikweni, chachikulu n'chakuti mwaima pa khodi ya so. Mwapuma ndithu, mpweya mwakoka, koma ti uja ali m'kati mwa khodiyo sanalowe kwawo. M'kalasi ya Chichewa tinganene kuti ndi mpatuliro, mwinanso mfunsiro. Ndi munthu amene wati "ndinapita kumsika dzulo," n'kukweza mawu kumapeto, inu n'kumuyankha kuti "eya, ndiye?"

Chitsanzo chomwe nonse mukuchidziwa ndi nyimbo ya Chingerezi ija timaimbira mnzathu pa tsiku lake lobadwa. Ili ndi mizere inayi, ndipo iwiri yoyambayo mawu ake ndi amodzimodzi. Iimbeni chamumtima. Mzere woyamba umathera pa ti, pansi pake pali khodi ya so. Mzere wachiwiri umayamba chimodzimodzi koma umathera pa do. Mawu sanasinthe ngakhale limodzi, komabe woyamba umamveka ngati funso, wachiwiri ngati yankho. Amene akufunsa ndi kuyankha si mawu ayi, ndi makhodi. Mukasiyira nyimboyo pa mzere woyamba, mwini tsiku lobadwa angaganize kuti mwamukwiyira.

Nyimbo zambiri zam'buku la kutchalitchi zinamangidwa motero, mizere iwiriiwiri, wina kufunsa ndi hafu, wina kuyankha ndi pafekiti. Ntchito ya hafu ndi kugwira omvera kuti asachoke. Nyimbo yopanda hafu, yomwe mzere uliwonse ukugwera pa do, imatopetsa msanga. Ndikudziwa chifukwa nyimbo yathu yotsanzikanayi tinayamba kuipeka motero. Mizere inayi, yonse so kupita do, so kupita do. A Madamu ataimva anati, "Ana inu, nyimbo yanuyi yatha kanayi. Ndiwombe m'manja pati?"

Chenjezo limodzi kwa amene mumawerenga mabuku a nyimbo. Mabuku a ku Britain kadensi imeneyi amaitcha impafekiti, pomwe a ku America amaitcha hafu, ndipo iwo mawu oti impafekiti amawagwiritsa ntchito pa chinthu china, pa V kupita I ija yosakhoma loko. Ndiye mukapeza dzinalo, yang'anani makhodi ake musanakangane ndi mnzanu.

Plagali: kuperekeza mlendo

Iyi ndi IV kupita I, khodi ya fa kubwerera pa khodi ya do. Ambiri amangoti kadensi ya ameni, poti m'matchalitchi ambiri nyimbo yam'buku ikatha mpingo umawonjezera ameni wotalika pa makhodi awiri amenewa. Iimbeni motere:

Sopulano: do, kenako do yemweyo
Aluto: la, kenako so
Tena: fa, kenako mi
Besi: fa, kenako do

Mwaona chomwe chasowa? Mulibe ti. Palibe amene akukankhidwa kuti alowe pakhomo, chifukwa do ali kale m'khodi yoyambayo, fa-la-do. Wa sopulano sasuntha n'komwe, amangogwira noti imodzi pomwe anzake a m'kati akutsika pang'onopang'ono pansi pake, aluto sitepe imodzi, tena theka la sitepe. Choncho plagali imatha ndithu, imafika pa do, koma imafika mofatsa, mopanda phokoso la chitseko. Pafekiti imati "basi, zatha." Plagali imati "zikhale momwemo."

N'chifukwa chake kawirikawiri imabwera pambuyo poti pafekiti yagwira kale ntchito yake. Nkhani zatha m'nyumba, mlendo watsanzika, koma simumusiya pakhomo, mumamuperekeza mpaka pamsewu. Kuperekezako sikuwonjezera nkhani yatsopano, koma mlendo wosaperekezedwa amadziwa kuti china chake chasowa.

Musaganize kuti poti ndi yofatsa ndiye kuti ndi yofooka nthawi zonse. Handel, Mjeremani amene anakhazikika ku London, analemba chinyimbo chachikulu chotchedwa Mesiya mu 1741, ndipo chinaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742. M'menemo muli kolasi ya Aleluya ija makwaya akuluakulu amakonda kudzionetsera nayo. Kumapeto kwake oimba amathamanga, kubwereza, kukweza, kenako onse amadula mwadzidzidzi, kumakhala chete kwa kanthawi. Akabwereranso amaimba pang'onopang'ono, mokweza, ndipo makhodi awiri otsekera ndi IV ndi I. Ndi plagali yomweyi, koma itavala suti. Amene muli ndi foni kunyumba kaifunefuneni, mukamvetsere masekondi omalizirawo.

Disepitivu: yomwe inatigwetsa

Tafika pa mlandu wathu. Dzinali limatanthauza yonyenga, ndipo mabuku a ku Britain amaitcha intarapitedi, kunena kuti yodulidwa pakamwa. Imayamba ndendende ngati pafekiti. Khodi ya so yamveka, ti akukoka, aliyense akudziwa komwe tikupita, manja akonzeka. Ndiye besi, m'malo modumphira pansi pa do, amangokwera sitepe imodzi kuchoka pa so kupita pa la. Khodi yomwe yatuluka ndi vi, la-do-mi.

Taonani chifukwa chake chinyengochi chimagwira. Khodi ya pakhomo ndi do-mi-so. Khodi yonyengayi ndi la-do-mi. Manoti awiri mwa atatu ndi omwewo. Wa sopulano wachoka pa ti wafika pa do monga analonjezera, ndipo amene akungomvera nyimbo yapamwamba yokha anganene kuti zonse zili bwino. Koma pansi pasintha. Zili ngati mwayenda usiku, mwafika pa nyumba ya njerwa zomwezo, chitseko cha mtundu womwewo, mwagogoda, koma amene watsegula ndi azakhali anu. Ndi abale ndithu, simunasochere kutali, koma si kwanu ndipo simugona pamenepo. Komanso poti khodiyo ndi ya maina, kuwala kumene mumayembekezera kumasanduka kamthunzi. Mtima umati tsemwe pang'ono.

Opeka nyimbo amaigwiritsa ntchito dala pofuna kutalikitsa mapeto. Amakufikitsani pakhomo, kukubwezani, ndiye kukuzungulitsaninso kuti pomwe mudzalowedi mumve kukoma kawiri. Disepitivu ndi ngongole, ndipo mzere wotsatira uyenera kuibweza ndi pafekiti. Ife Lolemba tinatenga ngongoleyo kawiri osabweza.

Nayi nyimbo yathu momwe inakonzedwera pambuyo pa mawu aja a Madamu oti yatha kanayi. Ili mu kiyi ya F, koma poti tikuyankhula m'solofa zimenezo zisakuvuteni. Mzere woyamba, wokumbutsa tsiku lomwe a Fomu 4 anafika pasukulu pano, umathera pa hafu, sopulano pa re, besi pa so. Mzere wachiwiri umayankha ndi V kupita I, koma sopulano tinamuika pa mi kuti loko asakhome. Wachitatu ndi hafu kachiwiri. Wachinayi, womwe uli ndi mawu otsanzika, timauimba kawiri. Ulendo woyamba besi amathera so, la. Ulendo wachiwiri amathera so, do. Maganizo ake anali abwino, ndipo ndimanyadira kuti ena mwa iwo anali anga: munthu akamatsanzikana ndi amene amawakonda satsanzika kamodzi, amaimirira, kukhalanso pansi, kenako n'kunyamukadi.

Chomwe chinachitika n'chakuti ife a besi tinasokoneza kuwerenga. Mnzanga ankaganiza kuti tikadali pa ulendo woyamba, ine ndinamva iye akulowera ku la ndipo ndinamutsatira ngati nkhosa. Sopulano anaimba do wawo bwinobwino, aluto so, tena mi, onse molondola. Koma ife pansi tinaika la. Anthu makumi awiri anali pa khodi ya pakhomo, anyamata awiri okha n'kusandutsa nyumba yonse kukhala ya azakhali. Apa m'pamene ndinazindikira kuti besi ndiye amatchula dzina la khodi. Manoti apamwamba angathe kukhala omwewo, koma amene ali pansi ndiye amanena ngati tafika kapena ayi. Atsikana a sopulano amatinena kuti timangong'ung'udza kumbuyo. Chabwino, koma Lolemba munaona amene amagwira kiyi wa chitseko.

Pali kanthu kena kakang'ono kwa amene mukufuna kuiimba molongosoka. Disepitivu yochita kukonza siimbidwa pongosuntha besi yekha monga tinachitira mwangozi. Besi akamakwera so kupita la, a m'kati ayenera kutsika:

Sopulano: ti, kenako do
Aluto: so, kenako mi
Tena: re, kenako do
Besi: so, kenako la

Chifukwa chake n'chakuti tena akachoka pa re kukwera pa mi pomwe besi akuchoka pa so kukwera pa la, awiriwa amayenda limodzi atatalikirana manoti asanu, ndipo amamveka ngati munthu mmodzi wa mawu okhuthala, osati mawu awiri osiyana. M'kalembedwe ka nyimbo za mawu anayi ka ku Ulaya, komwe nyimbo zam'buku zinachokera, zimenezo amazipewa. Sikuti ndi tchimo, m'nyimbo zina kuyenda limodzi kotere ndiye kukoma kwake, koma mu mtundu uwu wa nyimbo khutu lozolowera limazimva msanga. Mukatsata momwe ndalemberamu mupeza kuti sopulano ndi tena onse athera pa do. Zili bwino, ndi momwe ziyenera kukhalira.

Mungazizindikire bwanji ndi khutu

Mnzanga wina wa Fomu 2 anandifunsa kuti, "Aise, ndiye paliponse pamene G wapita ku C ndi kadensi?" Ayi. M'kati mwa mzere makhodi amenewa angathe kusinthana kakhumi popanda wina kumva kuti paima kanthu. Kadensi imafuna kuti mzere ukhale ukutha: mawu afika pa mpumiro kapena mpatuliro, noti yatalika, oimba akukoka mpweya. Ndiye choyamba pezani popumira. Mukapapeza, siyani kumvera sopulano, ngakhale ndiye amamveka kwambiri, mutchere khutu pansi.

Njira yomwe a Madamu anatiphunzitsa ndi yosavuta. Nyimbo isanayambe gwirani do wake pakhosi, muzimung'ung'udza chamumtima. Pofika popumira, mutulutseni pang'ono. Ngati do wanu akuwombana ndi khodi yomwe yaima, akukana kukhalamo, ndiye kuti mwaima pa V, imeneyo ndi hafu, poti mu so-ti-re mulibe do. Ngati do wanu wakhalamo bwino, mwatsala ndi zitatu. Mverani besi: ngati ali pa noti yanu yomweyo, mwafika pakhomo. Ngati do wanu akukwanamo koma besi ali pena ndipo kwachita kamdima, mwanyengedwa. Mukakhala kuti mwafika pakhomo, funso lotsala ndi lakuti munadzera njira iti. Bwererani khodi imodzi m'mbuyo. Do wanu akanatha kukhalamonso m'menemo osasuntha? Ngati eya, ndi plagali. Ngati anayenera kutsikira pa ti kaye kuti akwane, ndi pafekiti.

Poyamba mudzasokoneza hafu ndi pafekiti, ndikuuziranitu. Zimachitika nyimbo ikakhalitsa pa khodi ya so, khutu limayamba kuyesa so ndiye do watsopano, makamaka ngati munataya do wanu panjira. Ine zinandichitikira katatu Lachitatu lomwelo. Mankhwala ake ndi kubwerera koyambirira kwa nyimbo n'kumugwiranso.

Ndinenenso kuti si nyimbo zonse zimatha ndi makadensi amenewa. Maina anayiwa anapangidwa pofotokoza nyimbo za ku Ulaya, ndipo kuno anafika ndi nyimbo zam'buku ndi solofa ya amishoni. Nyimbo zambiri za gitala zomwe timavina zimangozungulira pa makhodi atatu kapena anayi omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati gudumu, ndipo pa wailesi zimangozilala pang'onopang'ono osagwera paliponse. Pa gule kumudzi nyimbo imatha wotsogolera akapereka chizindikiro, kaya ndi ng'oma kaya ndi wezulo. Kumeneko mukapita ndi funso loti kodi iyi ndi plagali, adzakuyang'anani ngati mwadwala malungo.

Tsopano m'kwaya mwabuka mkangano, ndipo tsiku lotsanzikana latsala milungu iwiri. A aluto akufuna kuti pambuyo pa pafekiti yomaliza tiwonjezere plagali pa mawu oti "muyende bwino," motsitsa mawu. Akuti ikugwirizana ndi kuperekeza, komanso akuti ngati a besi tingaphonyenso, pakhale potsekera pena. Mfundo yachiwiriyo inandiwawa koma sindingaitsutse. Ine mantha anga ndi akuti pafekiti ija, itabwera pambuyo pa chinyengo, imakhoma loko mwamphamvu moti inu mudzawomba m'manja nthawi yomweyo, ndipo "muyende bwino" wathu adzamira m'phokoso lanu. Tikatero tidzakhala tachita manyazi a mtundu wachiwiri, oti omvera amaliza ife tisanamalize. A Madamu akuti njira ilipo: wa sopulano asadule do wake, augwire kudutsa mpaka m'makhodi awiri enawo, ndipo woimbitsa asatsitse dzanja. Akuti anthu sawomba m'manja pakamwa pa woimba pakadali potsegula.

Tiyesa njira zonse ziwiri Lachitatu likubwerali tikaweruka, pansi pa mango pomwe paja. Tikufuna anthu khumi kapena kuposerapo oti adzangokhala n'kumvera, osauzidwa kuti tiimba iti, ndipo adzawombe m'manja pomwe akuona kuti nyimbo yatha. Mnyamata amene anakuwa kuti "yatha kapena?" uja, sitikudziwa dzina lako, koma iweyo makamaka ubwere.